Momwe mungalembere mameseji olimbikitsa a mwezi wathunthu tsiku limodzi nkuwatchera kuti azipita okha

Ambiri akaganiza zomatumizira munthu mawu olimbikitsa mmawa uliwonse amayamba bwinobwino, tsiku loyamba lachiwiri lachitatu, kufika lachisanu ndi chimodzi wadzuka mochedwa, mawa lake yunitsi yatha, kenako manyazi agwira ndiye basi zathera pomwepo. Njira yake ndi kukhala pansi kamodzi, mwina Loweruka masana, kulemba onse a mwezi nkuwatchera mu foni kuti azipita okha. Kutcherako sikovuta, mphindi 30 mwamaliza. Povuta ndi poti mameseji olembedwa tsiku limodzi amakonda kufanana, ndipo wolandirayo sachedwa kuzindikira kuti awa ndi aja ongotola pa Facebook. Ndiye ntchito yaikulu ili pokonza kuti meseji iliyonse ikhale ya tsiku lake komanso ya munthu wake.

Ndifotokoza ndi chitsanzo chimodzi kuti zimveke. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4, amakhala ku Dedza, sukulu yoyendera, ndipo kwatsala mwezi kuti ayambe mayeso a MSCE. Foni yake ndi kaja kamabatani, WhatsApp palibe, ndiye zonse zipita pa meseji wamba. Wanuyo atha kukhala wodwala, wongoyamba kumene geni kapena mbale ali ku Joni, ndondomeko yake ndi yomweyi.

Choyamba musayambe ndi mawu, yambani ndi kalendala. Tengani kope, lembani manambala 1 mpaka 30 kutsika mmunsi, pambali pa nambala iliyonse lembani dzina la tsiku. Kenako imbirani munthu amene amakhala naye pafupi, kwa ine ndi achemwali, mufunse zomwe zikubwera mwezi umenewo: tsiku lomwe ayambe pepala loyamba malinga ndi ndandanda ya MANEB, phunziro lomwe likumusowetsa tulo, kaya pali tsiku lake lobadwa, kaya pali tsiku lokumbukira malemu ena pabanjapo. Zimenezi zilembeni pa masiku ake musanalembe meseji ngakhale imodzi. Ndikunena izi chifukwa nthabwala yabwino ikagwa pa tsiku lomwe banja likukumbukira maliro imapweteka, ndipo foni siidziwa zimenezo, imangotumiza.

Mukatero gawani masiku a sabata, lililonse likhale ndi mtundu wake wa meseji. Tiyerekeze mwezi wa masiku 30 wayamba Lolemba. Ndiye kuti Lolemba libwera kasanu (pa 1, 8, 15, 22 ndi 29), Lachiwiri kasanunso, masiku enawo kanayi kanayi. Ine ndimagawa chonchi: Lolemba ndi za maphunziro a sabata imeneyo, Lachiwiri ndimamukumbutsa chinthu chenicheni chomwe iyeyo anachitapo bwino, Lachinayi ndi za thupi monga kugona ndi kudya, Lachisanu ndi funso loti ayankhe, Loweruka zocheza basi, Lamulungu vesi. Ngati wanuyo ndi Msilamu mawu a chipembedzowo muwaike Lachisanu, funso lipite tsiku lina. Lachitatu ndalidumpha dala. Pa 3, 10, 17 ndi 24 musalembepo kanthu, amenewo mudzalemba pa tsiku lenilenilo ndi manja anu, kutengera zomwe wayankha kapena zomwe zachitika. Ndiye olemba lero ndi 26 osati 30, ndipo masiku anayi opanda kanthuwo ndi amene amachititsa kuti enawo asamveke ngati akuchokera ku makina.

Polemba musatsate manambala 1, 2, 3. Lembani mtundu umodzi mpaka kumaliza, a Lolemba onse asanu motsatizana, kenako a Lachiwiri onse. Mukamalemba choncho mumaona msanga pomwe mwabwereza mawu, chifukwa ali pamodzi pamaso panu, komanso mumatha kuwakweza pang'onopang'ono, Lolemba loyamba likhale la dongosolo la kuwerenga, lomaliza likhale lomukhazika mtima pansi poti nthawi yophunzira zatsopano yatha.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pomwe zimaonongekera. Meseji ngati iyi ilibe ntchito: “Limbikira mwana wanga, tsogolo lili mmanja mwako, Mulungu ali nawe.” Siyoipa ayi, koma mutha kuitumiza kwa munthu wina aliyense mMalawi muno ndipo imukwana, ndiye wolandirayo amaiwerenga ndi diso limodzi. Yesani kuifunsa meseji iliyonse kuti kodi ndikaitumiza kwa mwana wa aneba ingamveke? Ikamveka ndiye kuti sinapse, ibwezeni pamoto. Onani kusiyana kwake ndi iyi ya Lachiwiri: “Ukukumbuka uli Sitandade 8 umkalira kuti Masamu akukanika, koma unakhoza? Mutu ndi womwewo, sunasinthe. Amalume.” Imeneyi ndi yake yekha, palibe wina angailandire. Kuti mupeze zoterezi zisanu mufunika kukhala kaye chete nkukumbukira, mwina tsiku lomwe anasamala azibale ake mayi ake ali ku chipatala, mwina momwe anaphunzirira njinga atagwa kambirimbiri osasiya. Zikakuvutani funsaninso achemwali, amayi sasowa nkhani za ana awo.

A Lolemba akhale ndi chochita chimodzi chaching'ono, osati ulaliki. Mwachitsanzo: “Sabata ino ndi ya Masamu eti? Usayambe ndi mutu wovuta, yamba ndi mafunso atatu omwe ukudziwa kuti uwakhoza, kenako upite kwa enawo.” A Lachinayi nawo chimodzimodzi, Juni ku Dedza kumazizira zedi ndiye ndimatha kulemba kuti “Usiku uno ikakwana 10 koloko tseka kope ukagone, zoviika mapazi mmadzi ozizira kuti usagone zija zisiye, mutu wosagona susunga kanthu.” A Lachisanu funso likhale losavuta kuyankha ndi mawu awiri atatu, poti mwana yunitsi amachita kupempha. “Pa maphunziro onse ndi liti lomwe sabata ino lakuyendera bwino?” ndi funso labwino kuposa “zikuyenda bwanji”, chifukwa lachiwirili yankho lake ndi “bwino” basi ndipo simuphunzirapo kanthu. Yankho la Lachisanulo ndi lomwe mudzagwiritse ntchito Lachitatu lotsatira.

Pali zinthu zomwe simuyenera kulemba mu meseji yotchera, ndipo zonse ndi zamtundu umodzi: zomwe simungazidziwe lero. Musalembe kuti “kunja kwacha bwino” kapena “ndangodzuka ndikukuganizira” kapena “dzulo unachita bwino”. Tsiku limenelo mwina kudzakhala chiperoni, mwina inu mudzakhala mu basi ya usiku, mwina dzulo lakelo mwana anabwera akulira. Lembani zomwe zidzakhalebe zoona pakatha masabata atatu. Ndipo akadzakufunsani kuti amalume mumadzuka 5 koloko tsiku lililonse chifukwa cha ine, muuzeni zoona kuti ndinakhala pansi tsiku lina nkukulembera onse. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo, munthu wataya Loweruka lake lonse masana kuganizira iwe. Chomwe chimawawa ndi kunamizidwa, ndiye musaike bodza mkati mwa meseji.

Chinanso, mawu oti “uyenera kukhoza”, “tonse tikudalira iwe”, “usatichititse manyazi” si olimbikitsa, ndi katundu. Kamodzi mwina zitheka koma mmawa uliwonse kwa mwezi mwana amayamba kuopa kutsegula foni.

Tsopano za utali, pomwe ndalama zimathera anthu osadziwa. Meseji wamba imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukapyola imagawika pawiri ndipo chidutswa chilichonse chimanyamula 153, mumalipira ziwiri ngakhale kwa wolandira ikuoneka imodzi. Koma msampha weniweni ndi uwu: mukangoikamo chilembo chimodzi chomwe sichili pa mndandanda wa zilembo wamba za meseji, malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70, ndipo ikagawika chidutswa chilichonse ndi 67. Tizithunzi tija ta mtima ndi manja opemphera tili mgulu limeneli. Chilembo chathu cha ŵ nachonso chili momwemo, komanso mitengero yopindika ija imabwera mukakopera mawu kuchokera kwina. Ndiye meseji ya zilembo 140 yomwe ikanapita imodzi, mukalemba Malaŵi mmalo mwa Malawi imasanduka zitatu, ndipo mukachita zimenezi pa onse 26 mwalipira 78. Samalani kwambiri ndi mavesi a Lamulungu, Mabaibulo ena a Chichewa amalemba ŵ ndiye mukakopera ku apu ya Baibulo amabwera nazo. Bola kungolemba malo ake, Yoswa 1:9 kapena Yesaya 41:10 kapena Masalmo 121, nkuwonjezera chiganizo chimodzi chanu chonena chifukwa chomwe mwamusankhira vesilo, iye akatsegule yekha. Pa kafoni kamabatani tizithunzi timafikanso ngati timabokosi topanda kanthu, ndiye mwalipira katatu chinthu chomwe sachiona nkomwe.

Amene muli ndi kompyuta kapena mumatha Google Sheets pa foni, ikani tsiku mu A, mtundu mu B, meseji mu C, ndipo mu D lembani ichi nkuchikokera mmunsi kuti chizikuwerengerani zilembo:

```
=LEN(C2)
```

Paliponse papyola 160 dulani. Ngati mulibe zimenezi musadandaule, apu ya mameseji imaonetsa yokha kanambala pafupi ndi batani lotumizira mukamayandikira malire, kungoti muzikayang'ana.

Mukamaliza kulemba 26 onse imani kaye, imwani tiyi, kenako muwawerenge mokweza kuyambira pa 1 mpaka pa 30 monga momwe iye adzawalandirire. Apa ndi pomwe mumagwira kuti mawu oti “limba mtima” abwera kasanu ndi kawiri, kapena mameseji atatu otsatizana onse ayamba ndi “Mwadzuka bwanji”. Sinthani poyambira, ena ayambe ndi funso, ena ndi dzina lake lapakhomo, ena angolowa mu nkhani. Musatchere kanthu musanachite zimenezi chifukwa kukonza mu kope nkosavuta, kukonza meseji yotchera kale ndi kutsegula imodzi imodzi.

Kutchera tsopano. Pa Android yomwe ili ndi apu ya Google Messages, tsegulani pa dzina la munthuyo, lembani kapena matani meseji, ndiye mmalo mongodina batani lotumizira lidineni osachotsa chala mpaka patuluke Schedule send. Pamabwera nthawi zingapo zokonzeratu, zisiyeni, dinani Pick date and time, sankhani tsiku, kenako nthawi, kenako Save. Apa ambiri amaganiza kuti amaliza nkutuluka, ayi, muyenera kudinanso batani lotumizira lija, lomwe tsopano limakhala ndi kawotchi. Mukadina meseji imakakhala mmunsi mwa macheza anu ndi kawotchi pambali, chimenecho ndiye chizindikiro kuti yatcheredwa. Mukafuna kuisintha, kuifufuta kapena kuitumiza pompo mumadina kawotchi komweko. Pa apu ya mameseji ya Samsung zimapezeka pa kachizindikiro ka + nkusankha Schedule message.

Musathamangire kutchera onse. Yambani ndi yoyesera, mudzitumizire nokha pa laini yanu ina kapena kwa amene muli naye pafupi, itchereni mphindi zisanu kutsogolo, zimitsani sikirini, ikani foni pansi osaigwira. Ikafika pa nthawi yake pitirizani. Ikachedwa kapena ikangopita pomwe mwatsegula foni, ndiye kuti chosunga batire chikuigoneka apu, mafoni ambiri a Android amachita zimenezi. Lowani mu Settings, pezani apu ya mameseji, pa za batire ichotseni pa zoletsedwa, kenako yesaninso.

Zolakwika zomwe zimachitika potchera ndi zitatu ndipo zonse ndi za kutopa. Kusokoneza AM ndi PM, meseji ya mwadzuka bwanji nkufika dzuwa likulowa. Kudumpha tsiku kapena kuika awiri pa tsiku limodzi, ndiye muzichonga mu kope nthawi iliyonse mwatchera imodzi. Ndipo amene muli ndi malaini awiri, Airtel ndi TNM mu foni imodzi, onetsetsani laini yomwe yasankhidwa musanadine, chifukwa bandulo ya mameseji mwina ili ku laini ina pomwe meseji ikudutsa ku inzake nkumadya yunitsi, kapena osapita nkomwe poti kulibe kanthu. Bandulo yomweyo muione tsiku lothera, ya sabata siingafikitse mwezi.

Nthawi yake, mwana wa sukulu yoyendera amanyamuka mmamawa ndipo foni amasiya kunyumba, ndiye ine ndimaika chapakati pa 5:30 ndi 6:00. Sindiika nthawi imodzimodzi masiku onse, lero 5:40 mawa 5:52, Loweruka ndi Lamulungu cha mma 7 kuti agoneko. Ngati muli kunja kumbukirani kuti foni imatsata wotchi ya komwe muli. Ku Joni nthawi ndi yofanana ndi kumudzi, palibe chovuta. Ku Britain mumakhala mmbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo ndi maola awiri, ndiye mu Juni meseji yoti ifike 5:40 ku Dedza muitchere 4:40, ndipo mwezi wanu ukadutsa pa tsiku losintha wotchi muwerengerenso masiku otsalawo.

Dziwaninso malire a njira imeneyi. Mameseji otcherawo amakhala mu foni yanu, sali kwa kampani ya netiweki. Foni ikazima usiku poti magetsi anathima osatchaja, kapena mukakhala kopanda netiweki, meseji siipita pa nthawi yake, imadikira. Foni ikabedwa kapena mukaifufuta zonse, apita nawo. Nchifukwa chake kope lija musalitaye. Telegram ndi yosiyana, mukadina batani lotumizira osachotsa chala nkusankha Schedule Message, meseji imasungidwa kwa iwowo ndipo imapita ngakhale foni yanu itazima, amalola mpaka 100 pa macheza amodzi. Vuto ndi loti wolandirayo akhalenso ndi Telegram ndi bandulo, zomwe kwa mwana wa kafoni kamabatani nzosatheka.

Nanga WhatsApp, poti ndi komwe ambiri tili? WhatsApp yemwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito alibe batani lotchera meseji. Pali maapu ena omwe amati amatha, koma kagwiridwe kake ndi koti muwapatse chilolezo choona ndi kudina chilichonse pa sikirini yanu, ndipo ambiri amafuna kuti foni isakhale ndi loko kuti athe kutumiza inu mukugona. Foni yomweyo ndi yomwe muli ndi Mpamba kapena Airtel Money, ine sindingalole. Ma WhatsApp osavomerezeka aja ngati GB nawo atha kukutsekeretsani nambala. Chomwe chimagwira ntchito ndi chachikale: lembani onse monga tafotokozera, aikeni mu apu ya manotsi aliyense ndi deti lake kutsogolo, tcherani alamu ya 5:40, ikalira kopani wa tsikulo nkumata. Sipatha mphindi imodzi, poti chomwe chimalepheretsa anthu mmawa si kudina koma kusowa chonena, ndipo chimenecho mwathana nacho kale. Ngati mukutumizira anthu ambiri kudzera pa New broadcast, malire ndi anthu 256 ndipo amalandira okhawo amene anasunga nambala yanu, amene sanasunge sadzaona kanthu ndipo inu simudzauzidwa.

Chomaliza ndi kulondera. Lamulungu lililonse madzulo tsegulani macheza aja, onani ngati a sabata yathayi anapita onse, pasakhale olembedwa kuti sanatumizidwe, kenako werengani asanu ndi limodzi akubwerawo muone ngati akugwirizanabe ndi momwe zinthu zilili. Mwana akayankha Lachisanu kuti Masamu ayamba kuyenda koma Bayoloje ndiye yavuta, sinthani ya Lolemba. Ndipo kukagwa zovuta, matenda aakulu kapena maliro, musanayambe nkomwe kuimba mafoni ena lowani mufufute otchera onse a masiku akubwerawo, makamaka a Loweruka a nthabwala aja. Muuzeniretu munthu mmodzi wa pakhomo panu kuti mu foni muno muli mameseji otchera, kuti inuyo mukadwala mwadzidzidzi adziwe poti adine nkuwaimitsa.